Lilongwe ndi Blantyre pa Galafu Imodzi: Kupeza Mpata ndi Kuyerekeza Kakulidwe

Galafu ya mizere iwiri timakumana nayo pa mayeso a masamu, m'mabuku a maphunziro a bizinesi, ngakhalenso m'malipoti a zachipatala. Mafunso amene amatsagana nayo sasinthasintha. Loyamba limafuna kudziwa pamene mizere iwiriyo yatalikirana kwambiri. Lachiwiri limafuna kudziwa mzere umene ukukula mofulumira kuposa unzake. Ambirife timangoyang'ana chithunzicho n'kuyankha nthawi yomweyo, chifukwa diso limatiuza kuti yankho lili poyera. Koma diso limasakaniza zinthu zitatu zosiyana: mpata wa pakati pa mizere, kuchuluka kwa zimene zawonjezeka, ndi liwiro la kakulidwe poyerekeza ndi pamene chinthucho chinayambira. M'nkhani ino tilekanitsa zinthu zitatuzi pogwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chokha, chomwe ndi chiwerengero cha anthu a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe.

Manambala athu ndi kajambulidwe kake

Chilandirireni ufulu wodzilamulira, dziko la Malawi lachita kalembera wa anthu kasanu ndi kamodzi: mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi ofesi ya boma yoona za ziwerengero, yomwe likulu lake lili ku Zomba. Manambala ali m'munsiwa ndi a anthu okhala m'mizinda iwiriyi, osati m'maboma onse a Blantyre ndi Lilongwe, ndipo tawafupikitsa ku sauzande yapafupi kuti masamu asativute.

| Chaka | Blantyre | Lilongwe |
|---|---|---|
| 1966 | 109,000 | 19,000 |
| 1977 | 219,000 | 99,000 |
| 1987 | 333,000 | 223,000 |
| 1998 | 502,000 | 440,000 |
| 2008 | 661,000 | 674,000 |
| 2018 | 800,000 | 989,000 |

Ndi bwino kujambula galafuyi papepala tisanapitirire, chifukwa zonse zimene tikambirane zimamveka msanga munthu akakhala ndi chithunzi patsogolo pake. Pa mzere wogona, wa m'munsi, tiika zaka, ndipo chaka chilichonse tichipatsa mamilimita 2. Pa mzere woima, wa kumanzere, tiika anthu, ndipo sentimita imodzi iimira anthu 100,000, kuyambira pa ziro mpaka pa 1,000,000. Galafu yonse ikhala ya masentimita 10 m'mwamba ndi masentimita opitirira pang'ono 10 m'mbali, kotero ikwana bwino pa tsamba la kope. Tikaika timadontho tisanu ndi kamodzi ta mzinda uliwonse, tilumikiza ndi rula, mzere wina ndi cholembera cha buluu, wina ndi chofiira.

Chithunzi chimene chituluke n'chosavuta kufotokoza. Mzere wa Blantyre ukuyambira pamwamba ndipo ukukwera mosadumpha. Mzere wa Lilongwe ukuyambira pansi penipeni, ukukwera pang'onopang'ono poyamba, kenaka ukuwonjezera mphamvu mpaka kudutsa unzake chakumapeto. Pambuyo podutsana, mizereyi ikutalikirananso, koma tsopano wa Lilongwe ndiwo uli pamwamba.

Mpata timauyeza choimirira

Mpata wa pakati pa mizere iwiri ndi kusiyana kwa manambala awiri a chaka chimodzi. Choncho timauyeza choimirira, kuchokera pa kadontho ka m'munsi kukafika pa kadontho ka pamwamba ka chaka chomwecho. Apa ndi pamene diso limatinamiza koyamba. Diso limakonda kuyeza mtunda waufupi wa pakati pa mizere, mopingasa, ngati mmene timayezera kukula kwa msewu. Mizere ikakhala yogona, miyezo iwiriyi imafanana. Koma mizere ikamakwera chitunda, mtunda wopingasa umachepa kuposa woimirira, ndipo mizereyo imaoneka ngati yayandikana pamene manambala ake akadali otalikirana. Mankhwala ake ndi kuimika rula mowongoka pa chaka chilichonse, kuwerenga manambala awiriwo pa mzere wa kumanzere, n'kuchotsera.

Tiyeni tichotsere. Mu 1966, 109,000 kuchotsa 19,000 kukutsala 90,000. Mu 1977, 219,000 kuchotsa 99,000 kukutsala 120,000. Mu 1987 mpata ndi 110,000, ndipo mu 1998 watsika kufika pa 62,000. M'zaka zinayi zonsezi mzinda wa Blantyre ndiwo uli patsogolo. Mu 2008 zinthu zatembenuka: Lilongwe ili ndi 674,000, Blantyre 661,000, mpata ndi 13,000 basi. Mu 2018, 989,000 kuchotsa 800,000 kukutsala 189,000.

Mpata waukulu kwambiri pa galafu yonse uli mu 2018, ndipo ndi anthu 189,000. Koma funso likanati tipeze chaka chimene Blantyre inaposa Lilongwe ndi anthu ambiri, yankho likanakhala 1977, ndi anthu 120,000. N'chifukwa chake pa galafu ya mizere yodutsana sitilemba nambala yokha ya mpata. Timalembanso pambali pake dzina la mzere umene uli pamwamba. Wolemba 189,000 popanda dzina wayankha theka la funso, ndipo akhoza kupereka yankho la Lilongwe pa funso la Blantyre.

Onaninso mmene mpata wa 1977 ndi wa 1987 wayandikirana. Pa sikelo yathu, 120,000 ndi masentimita 1.2, pamene 110,000 ndi masentimita 1.1. Kusiyana kwake ndi milimita imodzi, kukula kwa nsonga ya pensulo yosasongoka. Palibe diso limene lingasiyanitse zimenezi mosakayika. Mipata iwiri ikamaoneka yofanana, ndiye nthawi yoti tisiye kuyang'ana n'kuyamba kuchotsera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatipulumutsira nthawi. Timadontho tikalumikizidwa ndi mizere yowongoka, ndipo mizere yonse iwiri ili ndi timadontho pa zaka zofanana, mpata waukulu umapezeka pa kadontho nthawi zonse, osati pakati pa timadontho tiwiri. Chifukwa chake n'chakuti pakati pa timadontho tiwiri mpata umasintha mofanana chaka ndi chaka: umangokula, kapena umangochepa, kapena umachepa mpaka ziro n'kuyambanso kukulira mbali inayo. Sungafufume pakati n'kuphweranso. Choncho pa galafu yathu kuchotsera kasanu ndi kamodzi kwakwanira, palibe chifukwa choyezera 1982 kapena 2013.

Liwu loti "nyengo" lili ndi matanthauzo atatu

Mafunso ambiri safunsa chaka, amafunsa nyengo: "Ndi m'nyengo iti mmene kusiyana kunali kwakukulu?" Chaka ndi kadontho kamodzi, pamene nyengo ndi chigawo cha pakati pa timadontho tiwiri. Galafu yathu ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi koma nyengo zisanu. Funso la nyengo likhoza kutanthauza zinthu zitatu, ndipo pa chitsanzo chathu mayankho ake safanana onse.

Tanthauzo loyamba ndi nyengo imene mpata unafika pachimake. Taona kale kuti pachimake ndi 189,000 mu 2018, kotero yankho ndi nyengo ya 2008 mpaka 2018, kumapeto kwake.

Tanthauzo lachiwiri ndi nyengo imene mizere inakhala yotalikirana kwambiri kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Apa timafuna avereji ya mpata. Popeza mizere yathu ndi yowongoka, timaphatikiza mpata wa poyamba ndi wa pomaliza n'kugawa ndi 2, malinga ngati mizereyo sinadutsane m'nyengoyo. Kuyambira 1966 mpaka 1977, 90,000 ndi 120,000 zikupereka avereji ya 105,000. Kuyambira 1977 mpaka 1987, 120,000 ndi 110,000 zikupereka 115,000. Kuyambira 1987 mpaka 1998 avereji ndi 86,000. Nyengo ya 1998 mpaka 2008 sitivutika nayo, chifukwa mpata wake sunapitirire 62,000 paliponse. Nanga nyengo yomaliza ija, ya mpata waukulu? Inayamba ndi 13,000 n'kutha ndi 189,000, ndipo avereji yake ndi 101,000 yokha. Pa tanthauzo ili yankho ndi 1977 mpaka 1987, nyengo imene pa chithunzi mizere iwiriyi ikuyenda moyandikira kufanana ngati njanji.

Tanthauzo lachitatu ndi nyengo imene mpata unasintha kwambiri. Apa timachotsera mpata wa poyamba ku mpata wa pomaliza. M'nyengo yoyamba unakula ndi 30,000, m'yachiwiri unachepa ndi 10,000, m'yachitatu unachepa ndi 48,000, ndipo m'yomaliza unakula ndi 176,000. Nyengo yachinayi ndiyo ili ndi msampha. Munthu wofulumira achotsa 13,000 ku 62,000 n'kupeza 49,000. Koma m'zaka zimenezi Lilongwe inayamba yafafaniza mpata wonse wa 62,000 umene inatsalira nawo, kenaka inapita patsogolo ndi 13,000. Ulendo wonse ndi 62,000 kuphatikiza 13,000, zomwe ndi 75,000. Mizere ikadutsana m'kati mwa nyengo, mipata iwiriyo timaiphatikiza, sitiichotsera. Tikhoza kutsimikiza mwa njira ina: m'nyengoyi Lilongwe inawonjezera anthu 234,000 ndipo Blantyre 159,000, kusiyana kwake ndi 75,000 yomweyo.

Choncho tisanagwire rula, tiwerenge mneni wa m'funso. Mawu ngati "unali waukulu" akunena za kukula kwa mpata, pamene mawu ngati "unakula" kapena "unawonjezeka" akunena za kusintha kwake. Funso likakhala losamveka bwino, ndi nzeru kulemba m'yankho tanthauzo limene tatenga, kuti wochonga aone njira yathu.

Kuwonjezeka ndi liwiro la kakulidwe

Tsopano tibwere ku funso lachiwiri, la mzinda umene unakula mofulumira. Tiyang'ane nyengo ya 1966 mpaka 1977. Blantyre inachoka pa 109,000 kufika pa 219,000, inawonjezera anthu 110,000. Lilongwe inachoka pa 19,000 kufika pa 99,000, inawonjezera anthu 80,000. Pa galafu, mzere wa Blantyre ukukwera kwambiri kuposa wa Lilongwe, ndipo mpata ukukula kuchoka pa 90,000 kufika pa 120,000. Chilichonse chimene diso likuona chikunena kuti Blantyre ndiyo ikuthamanga.

Koma taganizirani alimi awiri a mbuzi. Wina anali ndi mbuzi 11 ndipo patapita zaka ali ndi 22. Mnzake anali ndi mbuzi ziwiri zokha ndipo tsopano ali ndi 10. Woyambayo wawonjezera mbuzi zambiri, 11, pamene mnzakeyo wawonjezera 8. Komabe aliyense m'mudzimo anena kuti khola limene laswana modabwitsa ndi la wachiwiriyo, chifukwa lachulukana kasanu, pamene la woyamba langochulukana kawiri. Nkhani ya mizinda yathu m'zaka zimenezi ndi yomweyi.

Liwiro la kakulidwe timalipeza pogawa zimene zawonjezeka ndi nambala ya poyambira, kenaka n'kuchulukitsa ndi 100 kuti tipeze peresenti. Kwa Blantyre, 110,000 kugawa ndi 109,000 kukupereka pafupifupi 101 peresenti. Kwa Lilongwe, 80,000 kugawa ndi 19,000 kukupereka zoposa 400 peresenti. Mzinda wa Lilongwe unakula ndi liwiro loposa kanayi la Blantyre m'nyengo yomweyo imene unkatsalira kwambiri m'mbuyo pa chithunzi. Zimenezi sizikutsutsana. Kanthu kakang'ono kakhoza kuchulukana kambirimbiri koma zowonjezekazo n'kukhalabe zochepa poyerekeza ndi za chinthu chachikulu.

Cholakwika chofala pa masamu amenewa ndi kugawa ndi nambala ya pomaliza. Wogawa 80,000 ndi 99,000 apeza 81 peresenti, yankho looneka labwinobwino koma lolakwika. Pali njira yachidule yodzigwirira. Nambala ikachulukana kawiri, kukula kwake ndi 100 peresenti. Ndiye ngati 19,000 yasanduka 99,000, zomwe ndi zoposa kawiri kutalitali, yankho lililonse lochepera 100 peresenti likutiuza kuti tagawa ndi nambala yolakwika.

Tionenso chifukwa chake tati "zoposa 400 peresenti" m'malo motchula nambala yeniyeni. Nambala ya poyambira ikakhala yaing'ono, kufupikitsa kumasuntha yankho kwambiri. Tikagawa ndi 19,000 tipeza 421 peresenti, koma nambala ya m'munsiyo ikanangokhala 19,400 yankho likanatsika kufika cha m'ma 410. Pa galafu yosindikizidwa, pamene timachita kuyerekeza malo a kadontho ndi maso, vutoli limakula. Kadontho kakakhala pafupi ndi ziro, peresenti yochokera pamenepo tiziitchula mosamala.

Tikachita masamu omwewa pa nyengo zonse zisanu, tipeza izi:

| Nyengo | Blantyre inawonjezera | Peresenti | Lilongwe inawonjezera | Peresenti |
|---|---|---|---|---|
| 1966 mpaka 1977 | 110,000 | 101 | 80,000 | yoposa 400 |
| 1977 mpaka 1987 | 114,000 | 52 | 124,000 | 125 |
| 1987 mpaka 1998 | 169,000 | 51 | 217,000 | 97 |
| 1998 mpaka 2008 | 159,000 | 32 | 234,000 | 53 |
| 2008 mpaka 2018 | 139,000 | 21 | 315,000 | 47 |

Tebulo ili likutionetsa chinthu china chimene chithunzi chimabisa. Mzere wa Lilongwe ukukwera chitunda chachikulu kwambiri m'nyengo yomaliza, pamene mzindawu unawonjezera anthu 315,000. Koma nyengo yomweyo ndiyo ili ndi peresenti yochepa kuposa zonse za Lilongwe, 47. Anthu owonjezeka akuchulukirachulukira, pamene liwiro likutsikiratsikira, chifukwa nambala yogawira nayo ikukulirakulira. Wolemba lipoti amene anganene kuti Lilongwe ikukula mofulumira kuposa kale lonse akunena zoona ngati akuwerenga mitu ya anthu, koma akulakwa ngati akunena za liwiro. Chitunda cha mzere chimatiuza kuchuluka kwa zowonjezeka, osati peresenti. Pa galafu wamba peresenti sioneka, timachita kuiwerengera.

Nyengo zikasiyana kutalika

Mwina mwaona kale kuti kalembera sanachitike pa zaka zotalikirana mofanana. Kuchoka 1966 kufika 1977 ndi zaka 11, chimodzimodzinso kuchoka 1987 kufika 1998. Nyengo zina zitatuzo ndi za zaka 10. Tikamayerekeza mizinda iwiri m'nyengo imodzi, zimenezi zilibe kanthu, chifukwa yonse yapatsidwa zaka zofanana. Koma tikamayerekeza nyengo ina ndi inzake, chaka chimodzi chowonjezeracho chikhoza kutembenuza yankho.

Titenge Blantyre. Pa tebulo, nyengo imene inawonjezera anthu ambiri ndi 1987 mpaka 1998, ndi 169,000, kuposa 159,000 ya nyengo yotsatira. Koma 169,000 kugawa ndi zaka 11 ndi anthu pafupifupi 15,400 pa chaka, pamene 159,000 kugawa ndi zaka 10 ndi 15,900 pa chaka. Kusiyanaku n'kochepa, komabe malinga ndi manambala athu chitunda chenicheni cha mzere wa Blantyre chili mu 1998 mpaka 2008. Ichi n'chifukwa chake poyamba paja tinati chaka chilichonse chipatsidwe mamilimita 2. Nyengo ya zaka 11 iyenera kutenga masentimita 2.2 pa mzere wogona, ya zaka 10 itenge masentimita 2. Wojambula akaika zaka zonse zisanu ndi chimodzi motalikirana mofanana, amakweza chitunda cha nyengo zazitalizo mopitirira.

Kuti tiyerekeze maperesenti a nyengo zosiyana kutalika, timafuna liwiro la pa chaka. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kugawa peresenti ndi zaka: 47 kugawa ndi 10 ndi 4.7 peresenti pa chaka. Koma chiwerengero cha anthu chimakula ngati ngongole ya katapila, pamene chiwongoladzanja cha mwezi uno chimaberekanso mwezi wamawa. Owonjezeka chaka chino amalowa m'nambala yoyambira ya chaka chamawa. Tikatenga 674,000 n'kumaichulukitsa ndi 1.047 kakhumi, tifika pa anthu pafupifupi 1,067,000, kupitirira 989,000 yathu ija ndi 78,000. Ndiye kuti 4.7 yakula kwambiri. Njira yolondola ndi iyi:

```
r = (B / A)^(1/n) - 1
```

Apa A ndi nambala ya poyamba, B ndi ya pomaliza, n ndi kuchuluka kwa zaka, ndipo r tikaichulukitsa ndi 100 imatipatsa peresenti ya pa chaka. Kwa Lilongwe, 989 kugawa ndi 674 ndi 1.467, ndipo tikaikweza ku mphamvu ya 0.1 tipeza 1.039, kutanthauza 3.9 peresenti pa chaka. Kwa Blantyre, 800 kugawa ndi 661 ndi 1.210, zomwe zikupereka 1.9 peresenti pa chaka. Choncho pakati pa 2008 ndi 2018 Lilongwe inkakula ndi liwiro lowirikiza kawiri la Blantyre. Kuti titsimikize, tichulukitse 674,000 ndi 1.039 kakhumi: tifika pa 988,000, pafupi kwambiri ndi nambala ya kalembera.

Amene akulemba ntchito yawo pa kompyuta akhoza kuika zaka mu mzati A, Blantyre mu B ndi Lilongwe mu C, kuyambira pa mzere 2 mpaka 7. Zolemba ziwiri izi zipereka mpata wa 1966 ndi liwiro la pa chaka la Lilongwe m'nyengo yomaliza:

```
=ABS(B2-C2)
=((C7/C6)^(1/(A7-A6))-1)*100
```

Pojambula mu Excel, galafu ya mtundu wa Line imaika zaka zolembedwa ngati manambala wamba motalikirana mofanana, ngati kuti ndi mayina chabe. Ya mtundu wa Scatter, yokhala ndi mizere yolumikiza timadontho, ndiyo imalemekeza kutalika kwa nyengo iliyonse.

Zoyenera kuona pa galafu yojambula wina

Galafu yathu tajambula tokha ndipo tikudziwa sikelo yake. Ya m'buku, ya m'nyuzipepala kapena ya pa pepala la mayeso tiyenera kuifunsa mafunso awiri tisanaikhulupirire.

Loyamba ndi lakuti mzere woima ukuyambira pati. Tiyerekeze kuti wina wajambula 2008 ndi 2018 zokha, n'kuyambira pa 600,000 m'malo mwa ziro. Kadontho ka Lilongwe ka 2018 kakhala pa msinkhu wa 389,000 kuchokera pansi, ka Blantyre pa 200,000. Pa chithunzi Lilongwe ioneka ngati yatsala pang'ono kuwirikiza kawiri Blantyre, chonsecho 189,000 kugawa ndi 800,000 ndi 24 peresenti basi. Kudula mzere woima sikusintha mpata tikauwerenga pa manambala a m'mbali, ndipo pa galafu ya mizere n'kololedwa. Chimene kumawononga ndi kuyerekeza misinkhu ndi maso.

Lachiwiri ndi lakuti kodi mizere iwiriyo ikuwerengedwa pa sikelo imodzi. Magalafu ena amakhala ndi manambala kumanzere a mzere woyamba ndi manambala ena kumanja a mzere wachiwiri, mwachitsanzo mvula m'mamilimita mbali ina ndi matumba a chimanga mbali inayo. Pa galafu yotere mpata wa pakati pa mizere ulibe tanthauzo, ndipo malo amene mizereyo yadutsana anachita kusankhidwa ndi wojambula posankha masikelo. Chimene tingayerekeze pamenepo ndi maperesenti, mzere uliwonse kuuwerenga pa mbali yake.

Pamene galafu imathera mphamvu

Mizere yathu ikudutsana pakati pa 1998 ndi 2008, ndipo tikhoza kuwerengera malo ake. Mpata unkasuntha ndi 75,000 pa zaka 10, zomwe ndi 7,500 pa chaka. Kuti 62,000 ithe pafunika zaka zopitirira pang'ono 8, kotero mizereyi ikukumana cha mu 2006. Komatu mu 2006 munalibe kalembera. Mzere wa pakati pa timadontho tiwiri tinaujambula ndife ndi rula, poganiza kuti anthu ankawonjezeka mofanana chaka chilichonse. Chimene manambala akutsimikiza n'chakuti mu 1998 Blantyre inali patsogolo, ndipo pofika 2008 mizinda iwiriyi inali itafanana, Lilongwe itapitirira pang'ono. Chaka cha 2006 ndi chongoyerekeza, ndipo m'lipoti tiyenera kuchilemba ndi mawu oti "pafupifupi".

Galafu sitiuzanso chifukwa. Tikudziwa kuchokera m'mbiri kuti likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi kuchulukana kasanu kwa m'nyengo yoyamba. Koma mzere paokha sungalekanitse ana obadwira mumzinda, anthu osamukiramo kudzafuna ntchito, ndi midzi imene imalowa mumzinda malire akafutukulidwa. Zonsezi zimakweza kadontho mofanana. Wofuna kufotokoza chifukwa ayenera kubweretsa umboni wina kunja kwa galafu.

Yankho lokwanira pa galafu ya mizere iwiri limatchula zinthu zinayi: nyengo, mzere, nambala, ndi muyezo umene wagwiritsidwa ntchito. Pa chitsanzo chathu tingalembe motere: "Mpata waukulu unali mu 2018, pamene Lilongwe inaposa Blantyre ndi anthu 189,000. Pakati pa 2008 ndi 2018 Lilongwe inawonjezera anthu 315,000, zomwe ndi 47 peresenti kapena 3.9 peresenti pa chaka, pamene Blantyre inawonjezera 139,000, zomwe ndi 21 peresenti kapena 1.9 peresenti pa chaka." Amene akufuna kudziyesa atenge nyengo ya 1987 mpaka 1998, akumbukire kuti ndi ya zaka 11, n'kupeza liwiro la pa chaka la mzinda uliwonse. Akapeza pafupifupi 3.8 peresenti kwa Blantyre ndi 6.4 peresenti kwa Lilongwe, njira aigwira.